Shafiti yatuluka m'malire, koma kalata yoikana ikungobwezedwa: poyambira kufufuza

Kuno ku Mangochi mashafiti amatipeza kuchokera mbali zambiri: a zigayo, a mapampu othirira mbewu m'mbali mwa Shire ndi nyanja ya Malombe, ndi a maboti a ku Monkey Bay. Ena timasemetsa konkuno, ena timaitanitsa ku Blantyre. Shafiti ikafika yosakwana muyezo timalemba kalata yofotokoza cholakwikacho, imene pa mafomu ambiri imalembedwa kuti `NCR`. Chimene chandilembetsa izi n'chakuti kalatayi imabwerera kawirikawiri. Wosema amayankha kuti kwawo inali bwino, kapena amafunsa kuti yalakwa ndi zingati, kapenanso amangokhala chete. Pampu imakhala ili gone, mbewu zikufota, ife tikukangana pa foni.

Nthawi zambiri shafitiyo imakhaladi yolakwika. Chimene chimagwa ndi kalata, chifukwa nambala zake sizitha kudziyankhira zokha. Ndayala nkhaniyi potsata zizindikiro, ndipo pansi pa chizindikiro chilichonse ndayamba ndi chimene chimachitika kwambiri.

## Shafiti imene tikhala tikuikamba

Kuti tisamayandame, titenge shafiti imodzi ya pampu. Pamalo pokhala beling'i ya `6208`, chojambula chikuti `Ø40 k6`. Malinga ndi ndondomeko ya `ISO 286`, zimenezi zikutanthauza kuti kunenepa kwake kuyambire pa 40.002 mm n'kulekeza pa 40.018 mm. Mpata wonse wololedwa ndi 0.016 mm basi, wochepa kuposa tsitsi limodzi la m'mutu. Onaninso kuti 40.000 mm yeniyeniyo ili kunja kwa malire. Ambiri amadabwa nazo, koma `k6` inapangidwa dala kuti beling'i ilowe mothina pang'ono, isamazungulire pa shafiti.

Tinalandira mashafiti asanu ndi atatu, ndipo beling'i inakana kulowa pa shafiti yachisanu. Tinaiyeza malo atatu, paliponse kawiri: tikayeza, tizungulize shafiti madigiri 90, tiyezenso.

- Pafupi ndi phewa, pamene beling'i imakatsamira: 40.031 ndi 40.029
- Pakati: 40.028 ndi 40.027
- Kunsonga: 40.025 ndi 40.024

## Chizindikiro choyamba: nambala zanu ndi za wosema sizikugwirizana

Ichi ndiye chofala kuposa zonse, ndipo musanalembe kalata yachiwiri yaukali dzifufuzeni nokha kaye.

Kutentha. Miyezo yonse ya pa chojambula imawerengedwa ngati chitsulo chili pa madigiri 20. Kuno mu Okotobala ndi Novembala madigiri 20 timangowamva pa wailesi. Chitsulo wamba chimafufuma pafupifupi 0.0000115 mm pa milimita iliyonse, kutentha kukakwera digiri imodzi. Kuwerengera kwake n'kotere, pamene D ndi kunenepa kwa shafiti, ΔT ndi kukwera kwa kutentha, ndipo ΔD ndi kufufumako:

```
ΔD = 0.0000115 × D × ΔT
ΔD = 0.0000115 × 40 × 20 = 0.009 mm
```

Ndiye kuti shafiti ya 40 mm ikatentha madigiri 20 kuposa choyezera, imaoneka yaikulu ndi 0.009 mm, kupitirira theka la mpata wonse wololedwa. Koma pali mfundo imene anthu amaiphonya. Maikolomita, choyezera chathucho, nayo ndi yachitsulo. Shafiti ndi maikolomita zikakhala limodzi m'chipinda chimodzi pa madigiri 33, zonse zafufuma mofanana ndipo muyezo umakhalabe woona. Choopsa si kutentha kwa Mangochi ayi, koma kusiyana kwa kutentha pakati pa ziwirizi.

Kusiyanaku kumabwera m'njira ziwiri. Ife olandira timayeza shafiti imene yangotsika kumene pa lole, itawambidwa ndi dzuwa njira yonse, ndipo timaipeza yaikulu. Wosema naye amayeza shafiti ikadali yotentha pa makina, n'kuipeza ili m'malire, koma ikazizira imachepa.

Chochita: ikani shafiti ndi maikolomita pamthunzi, patebulo limodzi, mpaka zifanane. Shafiti yonenepa imafuna maola angapo, ndipo ine ndimakonda kuigoneka n'kuyeza m'mawa. Lembani m'kalata kutentha kwa m'chipinda ndi nthawi imene zinakhala pamodzi. Pa mashafiti a maboti a chitsulo chosachita dzimbiri samalani kwambiri, chifukwa chimenecho chimafufuma kuposa maikolomita. Pa madigiri 33 shafiti yotere ya 40 mm imaonjeza pafupifupi 0.002 mm ngakhale mutaziika pamodzi usiku wonse.

Choyezera chosayenera. Veniya yowerenga 0.02 mm singaweruze mpata wa 0.016 mm. Mzere wake umodzi ndi waukulu kuposa mpata wonsewo. Ngakhale veniya ya manambala imene imaonetsa 0.01 mm imatha kuphonya ndi 0.02 mm kapena kuposa. Ngati mmodzi wa inu anayeza ndi veniya, mkangano watha, nambala zake zichotsedwe. Pafunika maikolomita ya 25 mpaka 50 mm yowerenga 0.001 mm.

Maikolomita yosayamba pa ziro. Maikolomita ya 25 mpaka 50 mm sitseka mpaka kukhudzana, choncho imabwera ndi kachitsulo kake ka 25 mm koyesera. Kachitsuloka kamasowa msanga m'mabokosi athu. Pukutani nkhope zonse ziwiri, yezani kachitsuloko, ndipo muone ngati mukupeza 25.000. Mukapeza 25.004, miyezo yanu yonse yakwera ndi 0.004 mm. Konzani ziro ndi kasipanala kake, kenako muyezenso shafiti kuyambira poyamba.

Dzanja. Wina amamanga maikolomita ngati akumanga bawuti, wina amangokhudzitsa. Zungulizani ndi kachingwinjiri ka kumapeto kamene kamalira, kalire kawiri kapena katatu, ndipo munthu wachiwiri ayeze osaona nambala zanu. Mukasiyana kuposa 0.002 mm, vuto lili m'manja kapena pali fumbi ndi mafuta pa shafiti.

Simunayeze malo amodzi. Pa shafiti yathu, woyeza kunsonga apeza 40.024, woyeza pa phewa apeza 40.031. Onse akunena zoona. N'chifukwa chake kalata imayenera kunena malo, ndipo ndi bwino kulemba malowo pa shafiti yeniyeniyo ndi cholembera chosafufutika, kuti wosema akaike maikolomita pomwe inu munaika.

## Chizindikiro chachiwiri: akufunsa kuti "yalakwa ndi zingati kwenikweni?"

Apa miyezo ili bwino, koma masamu a m'kalata asokonekera.

Mwachotsera pa 40 m'malo mwa malire. Ichi ndachiona kambirimbiri. Munthu amalemba kuti shafiti yakula ndi 0.031 mm, chifukwa wachotsa 40.000 pa 40.031. Nambalayi si yabodza, ikunena mmene shafiti yatalikirana ndi 40. Koma chojambula chinaloleza kale kufika pa 40.018, choncho chimene wosema walakwitsa ndi chotsalacho:

```
40.031 − 40.000 = +0.031 mm
40.031 − 40.018 = +0.013 mm
40.024 − 40.018 = +0.006 mm
```

Mzere woyamba ndi kutalikirana ndi 40. Wachiwiri ndi kupyola malire pamalo ponenepetsetsa, ndipo imeneyi ndiye nambala ya mlandu. Wachitatu ukusonyeza kuti ngakhale pamalo pochepetsetsa shafiti yapyolabe malire, kutanthauza kuti pamalo pa beling'i ponse ndi ponenepa, osati kachigawo chabe. Lembani zonse zitatu, iliyonse ndi dzina lake. Mukalemba 0.031 yokha, wosema aona kuti mwakokomeza kuposa kawiri, ndipo asiya kukhulupirira kalata yonse.

Shafiti ikachepa, chotserani pa malire a m'munsi. Ya 39.995 yachepa ndi 0.007 mm pa 40.002, osati 0.005.

Mwasiya chizindikiro cha kuphatikiza kapena kuchotsa. "Yaphonya ndi 0.013" sizikwanira. Yaikulu ikhoza kusemedwanso, yochepa nthawi zambiri yapita. Ikani `+` kapena `−`, ndipo mulembenso m'mawu kuti yanenepa kapena yachepa, chifukwa kachizindikiro kamafufutika kalata ikajambulidwa pa foni.

Ziro wasowa. 0.013 ndi 0.13 zimasiyana kakhumi. Pakamwa timati "yakula ndi satini", wina n'kumva 0.13. Lembani manambala atatu pambuyo pa kadontho nthawi zonse, ndipo musasakanize mamilimita ndi mamaikiloni m'kalata imodzi.

Mwaphatikiza miyezo n'kugawa. Avereji imabisa cholakwa. Shafiti ina ikhoza kuwerenga 40.022 mbali imodzi ndi 40.012 mukaizunguliza. Avereji yake ndi 40.017, yooneka ngati ili m'malire, pamene shafitiyo ndi yobulungira ngati dzira ndipo mbali imodzi yapyola ndi 0.004 mm. Muyezo uliwonse uyenera kukhala m'malire pawokha.

Chojambula chasinthidwa. Izi sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika zimachititsa manyazi. Inu mukuweruza ndi chojambula chatsopano cha `k6`, pamene wosema anapatsidwa chakale cha `h6`, chimene malire ake ndi 39.984 mpaka 40.000. Onani chimene chinapita ndi oda. Ngati anasema molingana ndi chimene munawapatsa, kalatayo mudzilembere nokha.

## Kalata imene siibwezedwa

Ya shafiti yathu ija ndingailembe motere.

> Wokondedwa Bambo,
>
> SHAFITI YA PAMPU YOSAKWANA MUYEZO, `NCR-014`
>
> Mwa mashafiti asanu ndi atatu amene tinalandira pa oda yathu, shafiti nambala 5 yapezeka kunja kwa malire pamalo pokhala beling'i ya mbali ya pule.
>
> Chojambula chimene tinakutumizirani ndi oda chikufuna `Ø40 k6`, kutanthauza 40.002 mpaka 40.018 mm. Tapeza 40.031 ndi 40.029 pafupi ndi phewa, 40.028 ndi 40.027 pakati, 40.025 ndi 40.024 kunsonga. Malowa tawalemba pa shafiti.
>
> Shafitiyi ndi yonenepa, ndipo pa phewa yatalikirana ndi 40.000 mm ndi +0.031 mm. Pamalo ponenepetsetsa yapyola malire a pamwamba ndi +0.013 mm (40.031 − 40.018), ndipo pochepetsetsa yapyola ndi +0.006 mm. Ikucheperanso kunsonga ndi 0.006 mm poyerekeza ndi pa phewa.
>
> Tinayeza ndi maikolomita ya 25 mpaka 50 mm yowerenga 0.001 mm, titaiyesa pa kachitsulo kake ka 25 mm. Shafiti ndi maikolomita zinagona chipinda chimodzi, ndipo tinayeza m'mawa pa madigiri 27. Anayeza ndi anthu awiri, aliyense payekha.
>
> Mashafiti ena asanu ndi awiri tawayeza chimodzimodzi ndipo ali m'malire. Nambala 5 taimangirira chikwangwani chofiira n'kuiika padera.
>
> Tikupempha kuti muitenge mukaipale ifike pakati pa malire, pafupi ndi 40.010 mm, ndipo muibweze ndi miyezo yanu yolembedwa. Mutiuzenso chimene chinachititsa, kuti chisabwerere pa oda yotsatira. Tingakondwe kumva kwa inu pasanathe masiku asanu ogwira ntchito.
>
> Ine wanu,
> Woyang'anira miyezo

Pamwamba pake pakhale tsiku, nambala ya oda ndi nambala ya chojambula. Muona kuti m'kalatamu mulibe mawu oti "ntchito yanu ndi yosalongosoka", ndiponso sitinalembe chimene tikuganiza kuti chinachititsa. Ife tinaona shafiti, makina awo sitinawaone. Mukalemba kuti mpeni wawo unali wobuntha, mwawapatsa poyambira kutsutsa, ndipo nkhani ya 0.013 iiwalika.

## Chizindikiro chachitatu: akuvomera nambala, koma akuti "kamenekatu n'kakang'ono, ingoikani"

Choyambitsa chachikulu n'chakuti kalata sinanene chimene 0.013 mm imachita ku beling'i. Kwa munthu wosazolowera imaoneka ngati fumbi.

Bowo la beling'i ya `6208` limakhala pakati pa 39.988 ndi 40.000 mm. Pa shafiti yabwino ya `k6`, kuthina kwake kumayambira pa 0.002 n'kulekeza pa 0.030 mm. Pa shafiti yathu ya 40.031 zikhala chonchi:

```
40.031 − 40.000 = 0.031 mm
40.031 − 39.988 = 0.043 mm
```

Ndiye kuti ngakhale mutachita mwayi n'kupeza beling'i ya bowo lalikulu, kuthina kwake kwapyola kale pamene chojambula chinalekezera. Mphete ya m'kati ikakakamizidwa chotere imatambasuka, ndipo gawo lalikulu la kuthinako, pafupifupi magawo atatu mwa anayi, limadya kampata kamene timipira ta m'kati timayendamo. Pa beling'i wamba ya saizi imeneyi kampatako ndi 0.006 mpaka 0.020 mm chabe. Katha konse. Pampu ilira bwino tsiku loyamba, kenako beling'i iyamba kutentha, girisi asungunuka, ndipo mudzaimba mlandu wogulitsa beling'i amene sanalakwe kanthu.

Onjezani ziganizo ziwiri zonena zimenezi m'kalata ngati mukudziwa kuti wowerenga ndi wa ku ofesi, osati wa pa makina.

Nthawi zina kulandira shafiti yotuluka m'malire kumatheka, makamaka pamalo posakhala beling'i. Koma chilolezo chimenecho amapereka ndi mwini pampu kapena injiniya amene anajambula, ndipo chilembedwe. Ndondomeko ya `ISO 9001` ya 2015, pa ndime 8.7, imafuna kuti zolembedwa zionetse cholakwikacho, chimene chachitidwa, chilolezo ngati chaperekedwa, ndi amene wagamula. Ngakhale malo anu alibe satifiketi imeneyo, mafunso anayiwa ndi omwe adzakupulumutseni pampu ikadzafa.

## Chizindikiro chachinayi: muyezo wagwera pa mzere penipeni

Mwapeza 40.019, malire ndi 40.018. Musathamangire kulemba. Maikolomita yabwino m'manja mwa munthu wozolowera imatha kuphonya ndi 0.002 kapena 0.003 mm, choncho 40.019 ikhoza kukhala 40.017 yeniyeni. Ndondomeko ya `ISO 14253-1` imaika mtolo pa amene akunena: wokana katundu asonyeze kuti wapyoladi malire ngakhale titachotsapo kuphonya kwa choyezera, ndipo wogulitsa naye asonyeze kuti ali m'kati mwa malire ngakhale titaonjezapo kuphonyako. Pa 0.013 palibe chokayikitsa. Pa 0.001 palibe amene angapambane ndi maikolomita ya m'bokosi.

Yesani izi motsatana:

- Pukutani shafiti, igonetseni ndi maikolomita, muyezenso m'mawa.
- Bwerekani maikolomita ina, munthu winanso ayeze.
- Zikakhalabe pa mzere, lembani kalata yodziwitsa, osati yokana, ndipo mupemphe mwini pampu agamule.

## Chizindikiro chachisanu: kalata inapita, koma shafiti yoipa yapezeka itamangidwa pa pampu

Apa nthawi zambiri kalata ilibe mlandu, vuto lili pa shelefu. Shafiti yolakwa ndi 0.013 mm siioneka ndi maso. Ikakhala pamodzi ndi zinzake, mnyamata wotumidwa atenga imene ili pafupi. Imangirireni chikwangwani nthawi yomweyo mwayeza, musanayambe n'kulemba komwe, ndipo nambala ya pa chikwangwani ikhale yomwe ili pa kalata. Pepala lomata ndi selotepi limagwa likakhudza mafuta, waya ndiye wodalirika.

Chachiwiri, kalata sinanene kuti achite chiyani, ndani, pofika liti. Kalata yongodandaula imaikidwa mu fayilo n'kugona momwemo.

## Chizindikiro chachisanu ndi chimodzi: oda yotsatira yabweranso chimodzimodzi

Mbali iyi ndi ya inu amene mumasema, kapena imene mungakambirane ndi wosema mwaulemu. Kaonekedwe ka miyezo kamaloza kumene vuto lili.

Mashafiti oyamba ali bwino, otsiriza akunka nanenepa. Nsonga ya mpeni ikutha. Mpeni ukadyeka 0.005 mm, shafiti imanenepa 0.010 mm, popeza umasema mbali zonse ziwiri. Yezani shafiti iliyonse, osati yoyamba yokha.

Onse ndi ochepa pang'ono, mofanana. Anayezedwa akadali otentha. Semani mokhadzula, dikirani chitsulo chizizire, kenako mumalize.

Chitsulo chimene mpeni ukuchotsa chikukhala kawiri kapena theka la chimene mumafuna. Pa makina ena mzere umodzi wa pa gudumu lolowetsera mpeni umanena kuya kwa mpeni, pa ena umanena kuchepa kwa shafiti yonse. Amene wasamukira pa makina achilendo amagwa pamenepa. Semani kachidutswa koyesera, muyeze, mudziwe kuti gudumu lanu likulankhula chiyani.

Mbali imodzi yonenepa, ina yochepa. Chogwirira cha kumchira sichili pa mzere umodzi ndi mutu wa makina, kapena shafiti ikuthawa mpeni chifukwa ndi yaitali ndipo ilibe chochirikiza pakati. Semani chitsulo choyesera pakati pa nsonga ziwiri, muyeze uku ndi uku, musunthe cha kumchiracho mpaka zifanane.

## Pokonza: zololedwa ndi zoti musayerekeze

Shafiti yathu iyenera kuchoka pa 40.031 kufika pafupi ndi 40.010. Ndiye kuti ichepe ndi 0.021 mm, kutanthauza kuti mwala kapena mpeni ulowe pafupifupi 0.010 mm chabe. Mpeni wamba sudula pang'ono chotere, umangokhula, kenako n'kuluma mwadzidzidzi, ndipo shafiti yonenepa isanduka yochepa. Ntchito imeneyi ndi ya makina opalira ndi mwala. Sandipepala akhoza kuchotsa 0.002 kapena 0.003 mm m'manja mwa katswiri, koma 0.021 mm ayi, chifukwa amadya pakati n'kusiya pa phewa. Ndipo amene akugwiritsa sandipepala shafiti ikuzungulira asavale magolovesi kapena kukulunga pepalalo pa zala, chifukwa makina akaligwira amakoka ndi dzanja lomwe.

Shafiti yochepa ndiyo imabweretsa mayesero. Njira ya m'mudzi ndi kuigogoda ndi panchi kuzungulira kuti itupe timabowo, beling'i n'kugwira. Imagwiradi, kwa masabata ochepa, mpaka timitu tija titaphwanyika. Kuwotcherera n'kusemanso kumapinda shafiti ndipo kumatha kuyambitsa mng'alu pa phewa. Zimenezi musachite pa katundu amene mwamulembera kalata, chifukwa mukangoigwira shafiti ndi chida, wosema ali ndi ufulu wokana kuilandira.

Ikabwera kokonzedwa, iyezeninso malo atatu omwe aja, mulembe nambala zatsopano pansi pa kalata yomwe ija, kenako muchotse chikwangwani.

## Pamene muyenera kuima n'kuitana wodziwa

- Maikolomita yanu ikulephera kubwerera pa 25.000 mukaiyesa kangapo, kapena inagwapo pansi. Musalembe nayo kalata iliyonse. Itumizeni ikayesedwe. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ku Blantyre lili ndi nthambi yoona za miyezo.
- Maikolomita ikuti shafiti ili m'malire paliponse, koma beling'i ikukanabe kapena ikugwira mbali zina zokha. Shafiti ikhoza kukhala ya makona atatu obulungira, ndipo choyezera cha nsonga ziwiri sichiona zimenezo. Pafunika kuiika pa chitsulo cha mphako ngati `V` n'kuizunguliza pansi pa wotchi yoyezera, kapena kupita nayo kwa amene ali ndi makina oyeza kubulungira.
- Inu ndi wosema mwayeza limodzi, patebulo limodzi, koma mukusiyanabe kuposa 0.003 mm. Gwirizanani za munthu wachitatu woti ayeze, ndipo mulembe musanapite kuti nonse mudzavomera zotsatira zake.
- Shafiti ndi youmitsidwa pamoto kapena yokutidwa ndi chitsulo china pamwamba. Kuipala kukhoza kuchotsa khungu lolimbalo, choncho injiniya anene kaye kuti lingachoke lochuluka bwanji.
- Shafiti ndi ya boti lonyamula anthu, ya chonyamulira katundu m'mwamba, kapena ya chigayo chothamanga kwambiri chimene anthu amaima pafupi nacho. Pamenepa woyeza asapereke chilolezo cholandira shafiti yotuluka m'malire, ngakhale mwini wake atachonderera kuti boti linyamuke mawa. Lembani nambala, mangirirani chikwangwani, ndipo siginecha ya chigamulo ikhale ya injiniya.